Masabu akukwera koma oonera akutha: vuto la sub4sub ndi mavyuzi ogula pa YouTube

Dandaulo lake limakhala lofanana pafupifupi nthawi zonse. Tchanelo ili ndi masabu opitirira 1,000, koma vidiyo yatsopano ikatuluka imaonedwa ndi anthu 70 kapena 80 basi, pomwe kale, masabu ali 300, inkafika 400 popanda kuvutikira. Mwini wake amayamba kunena kuti YouTube yamutsekera dala, kapena kuti zinthu za m'Chichewa makina sazikonda. Mukamufunsa bwinobwino mumapeza kuti miyezi iwiri kapena itatu yapitayo analowa gulupu ya WhatsApp ya sub4sub, ija ya "ndisabusikiraibeni nane ndikubwezerani, tumizani sikirinishoti", kapena anatumiza ndalama pa foni kwa munthu wolonjeza mavyuzi 5,000 pofika mawa.

Achinyamata ambiri kuno ku Mchinji amachita zimenezi osati chifukwa cha ulesi. Bandulo ndi yodula, kujambula ndi foni kumadya nthawi, ndipo manambala amene YouTube imafuna amaoneka ngati ali kutali kwambiri. Koma njira imeneyi imaononga chinthu chenicheni chimene mukufuna kumanga, ndipo umboni wake uli m'foni yanu yomweyo, mu YouTube Studio.

Zimene YouTube imawerenga

Kuyambira mu 2018, kuti tchanelo iyambe kulandira gawo la ndalama za malonda imayenera kukhala ndi masabu 1,000 komanso maola 4,000 oonera pa miyezi 12 yapitayo. Kwa amene amapanga Shorts pali njira ina: masabu 1,000 ndi mavyuzi 10 miliyoni pa masiku 90. Mu 2023 anaonjezerapo khomo laling'ono la masabu 500, mavidiyo atatu otulutsidwa pa masiku 90 ndi maola 3,000 pa miyezi 12, koma limenelo limatsegula zinthu monga mphatso za oonera, osati ndalama za malonda a m'mavidiyo. Pulogalamu ya ndalamayi imatsegulidwa dziko ndi dziko, ndipo kwa zaka zambiri Malawi sanali pa mndandanda pomwe Tanzania, Kenya ndi South Africa analipo. Choncho ambiri a ife tikumanga tchanelo poyang'ana za m'tsogolo, ndipo chimenechi ndicho chifukwa china chosaidetsera lero.

Pa tsamba la Earn mu YouTube Studio mawu amene alembedwa ndi valid public watch hours. Tanthauzo lake n'lakuti si ola lililonse limene limawerengedwa. Maola a vidiyo imene mwaiika Private kapena Unlisted salowa, a vidiyo imene mwafufuta amachoka, obwera kudzera m'malonda olipira salowa, ndipo amene makina awaona kuti ndi achinyengo amachotsedwa. N'chifukwa chake nambala ya pa Earn imatha kukhala yotsika kuposa ya mu Analytics.

Tiwerengetsere pang'ono. Maola 4,000 ndi mphindi 240,000. Ngati anthu amaonera vidiyo yanu mphindi 4 aliyense, mukufunika mavyuzi 60,000 pa chaka. Ogulitsa mavyuzi amakonda kupereka oonera a masekondi ochepa, chifukwa ndi amene ali otchipa kwa iwo. Tinene kuti aliyense wakhala masekondi 30: mavyuzi 5,000 akupatsani mphindi 2,500, omwe ndi maola pafupifupi 42. Ngakhale YouTube ikanapanda kuchotsapo ndi limodzi lomwe, mukanafunika kugula mavyuzi 480,000 kuti mufike pa maola 4,000. Ndalama yatuluka, mtunda sunasunthe.

Chimene chimaonongeka mkati

YouTube ikamasankha vidiyo yoti ionetse munthu pa tsamba lake loyamba kapena pambali pa vidiyo ina, imayang'ana zinthu zingapo: kodi anthu akaona chithunzi ndi mutu amadina, akadina amakhala nthawi yaitali bwanji, ndipo anthu amene anaikonda vidiyoyi amaoneranso zotani. Funso lachitatuli ndi limene ambiri salidziwa, koma ndi lofunika kwambiri kwa tchanelo yaing'ono. Makina samva okha kuti vidiyo yanu ndi yabwino. Amaphunzira kwa anthu amene aionera kale, n'kukafuna ena ofanana nawo.

Tiyerekeze mtsikana wa ku Kamwendo amene ali ndi tchanelo ya ulimi wa soya ndi mtedza. Ali ndi masabu 300. Vidiyo yake ya mphindi 8 yosonyeza kubzala soya mizere iwiri pa mzere umodzi yaonedwa ka 400, ndipo Average view duration ndi mphindi 4, theka la vidiyo yonse. Amene akuonera ndi alimi a ku Mkanda ndi Kapiri, ena a ku Chipata tsidya linalo la Mwami, ndi abale athu ali ku Joni amene amatumiza ndalama ya feteleza kumudzi. Manambala ndi ang'ono, koma ndi oyera. Makina akudziwa kuti munthu amene amafufuza za mbewu, mitengo ya zokolola ndi mvula akhoza kuikonda vidiyoyi.

Kenako akugula mavyuzi 5,000 pa vidiyo yomweyo, aliyense wa masekondi 30. Mphindi 1,600 za alimi enieni zikuphatikizana ndi mphindi 2,500 za ogulidwa, zonse 4,100, kugawa kwa oonera 5,400. Average view duration yatsika kuchoka pa mphindi 4 kufika pa masekondi pafupifupi 45. Vidiyo imene anthu ankaionera theka tsopano ikuoneka ngati yothawidwa isanafike ndi gawo limodzi mwa magawo khumi. Zili ngati kuthira mchenga m'thumba la soya: sikelo imakwera, koma venda akabaya thumba n'kuona zotuluka, thumba lonse limatsika mtengo, ndi soya wabwino yemwe.

Pa sub4sub nkhani yake ndi yosiyana pang'ono, ndipo ndi bwino kuinena molondola. Sabu wakufa, akaunti imene mwini wake saitsegula n'komwe, saononga kwambiri kufalikira kwa mavidiyo. Amangokunamizani ndi nambala. Oopsa ndi amoyo aja, anzanu a mu gulupu. Iwowa ali pa YouTube tsiku lililonse, ndiye vidiyo yanu imawafikira. Ambiri amaidutsa osadina chifukwa za soya alibe nazo ntchito, ndipo Impressions click-through rate, nambala ya anthu amene amadina pa 100 alionse oonetsedwa chithunzi cha vidiyo, imatsika. Ena amadina chifukwa adimini wa gulupu walamula kuti aliyense aonere, amakhala masekondi 20, kulemba "done" m'makomenti, n'kuthamangira linki yotsatira. Munthu mmodzi yemweyo pa ola limodzi waonera soya, masewera a pa foni, nyimbo, maphikidwe ndi ulaliki. Makina akayang'ana kuti oonera tchanelo ya mtsikanayu amakondanso chiyani, akupeza chisokonezo chokhachokha. Amayamba kuyesa vidiyo kwa anthu olakwika, anthuwo sadina, ndipo Impressions zimaphwa. Mlimi wa ku Mkanda amene akanaonera mpaka kumapeto saionanso pa foni yake.

Palinso kuonongeka kwina kumene sikuoneka msanga. Analytics ndiye mphunzitsi yekhayo amene wopanga mavidiyo ali naye. Ndi imene imakuuzani kuti anthu amachoka pa mphindi yachiwiri pamene mumatalikitsa moni, kapena kuti amabwerezabwereza pamene mukuonetsa kasakanizidwe ka mbewu ndi inokulanti. Ogulidwa akachuluka kuposa enieni, manambala amenewo sakuuzaninso chilichonse chokhudza alimi anu.

Mmene mungadziwire kuti vuto lanu ndi limeneli

Si tchanelo iliyonse yotsika imene yadwala matendawa. Mavidiyo a ulimi amatsika okha nyengo ikadutsa. Za kubzala soya sizifunidwa mu Juni ngati mmene zimafunidwira mu Novembala ndi Disembala. Ndiye musanagamule, tsegulani studio.youtube.com. Apu ya pa foni imaonetsa zambiri, koma pa burauza mumapeza Advanced mode imene imalola kusankha masiku enieni. Sankhani mwezi umodzi musanalowe gulupu kapena musanagule, ndi mwezi umodzi pambuyo pake, muziyerekeza.

Yambani ndi kumene oonera akuchokera, pa Traffic source. Tchanelo yathanzi ya kuno imakhala ndi YouTube search, Browse features, Suggested videos, ndi External yochokera ku WhatsApp ndi Facebook, chifukwa ndi mmene timagawirana malinki. Mukaona tsiku limodzi kapena awiri pamene External kapena Direct or unknown yakwera ngati khoma kenako n'kugwa mpaka pansi, makamaka ikuchokera ku mawebusaiti amene simunawamvepo, amenewo ndi ogulidwa aja. Vidiyo imene yakondedwa ndi anthu enieni imakwera n'kutsika pang'onopang'ono, ndipo imabweretsa makomenti okhudza nkhani yake.

Kenako pitani pa Audience muone Top geographies. Vidiyo yolankhulidwa m'Chichewa kuyambira poyamba mpaka pomaliza iyenera kuonedwa ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi South Africa, mwinanso pang'ono kumene kuli Amalawi ena kunja. Ngati dziko loyamba pa mndandanda ndi lakutali kumene kulibe womva chinenero chathu, palibenso chofunsa. Pa tsamba lomwelo onani gawo la nthawi yoonera yochokera kwa masabu, komanso matchanelo ena amene oonera anu amatsata. Mtsikana wa ku Kamwendo uja ayenera kupeza matchanelo a ulimi, nkhani za m'dziko muno ndi zina za kwathu. Akapeza timatchanelo tosagwirizana ta anzake a mu gulupu, ndiye kuti makina asokonezeka monga tafotokozera.

Chachitatu ndi mzere wa Audience retention pa vidiyo iliyonse. Studio imakuuzani anthu angati pa 100 alionse amene anali akuonerabe pa 0:30. Kugwa pang'ono poyambirira n'kwachibadwa. Koma mzere umene ukuyenda bwino kenako n'kudumphira pansi pa sekondi imodzimodzi, ngati wadulidwa ndi mpeni, umasonyeza makina kapena anthu olamulidwa kukhala nthawi yoikika. Za kudina, YouTube yokha imanena kuti theka la matchanelo ndi mavidiyo limakhala pakati pa 2% ndi 10%. Musadziyerekeze ndi ena. Yerekezani nambala yanu ya lero ndi ya musanalowe gulupu.

Chizindikiro chomaliza ambiri amachiona okha: masabu kutsika ndi 100 kapena 200 usiku umodzi. YouTube imachotsa maakaunti otsekedwa ndi amene yawapeza kuti ndi achinyengo, ndipo enanso a mu gulupu amadzichotsa okha akangolandira sabu yanu. Mavyuzi nawonso amatha kuima kapena kubwerera m'mbuyo pamene akuunikidwa. Wogulitsa amati "tibwezeretsa ulele", koma kubwezeretsako ndi kuthiranso zomwezo kachiwiri.

Pa khomo la ndalama

Kufika pa manambala sikutanthauza kuti mwalowa. Mukapempha, tchanelo imaunikidwa, nthawi zambiri kwa pafupifupi mwezi. Ounika amayang'ana mutu waukulu wa tchanelo, mavidiyo atsopano, mavidiyo oonedwa kwambiri ndi amene abweretsa maola ambiri. Taganizani: vidiyo imene munaigulira mavyuzi ndiyo tsopano ili pamwamba pa zonse. Mwaiika nokha patsogolo pa ounika.

Malamulo a YouTube amaletsa poyera kukweza mavyuzi, malaiki, makomenti kapena masabu mwachinyengo, ndipo sub4sub amaitchula ndi dzina. Amanenanso kuti mukalemba munthu ntchito yokweza tchanelo yanu, zimene iye achite zimagwera inu. Kunena kuti "sindinkadziwa kuti agwiritsa ntchito maroboti" sikukupulumutsani. Kawirikawiri kulakwa koyamba kumabweretsa chenjezo. Kenako imabwera strike yoyamba, chilango cha sabata imodzi osatulutsa kanthu. Yachiwiri mkati mwa masiku 90 ndi masabata awiri. Yachitatu tchanelo imatsekedwa. Pa chinyengo choonekeratu akhoza kutseka osadutsa masitepe onsewa. Ndipo simungapemphe kulowa m'pulogalamu ya ndalama muli ndi strike imene isanathe.

Mukakanidwa mumatha kuchita apilo mkati mwa masiku 21, kapena kupemphanso pakatha masiku 30. Mukakanidwanso, kudikira kumakhala masiku 90.

Ena amaganiza kuti akangolowa, basi zatha. Ayi ndithu, pamenepo m'pamene pamaopsa. Ndalama zimadutsa ku AdSense, nthambi ya Google yolipira ndalama za malonda, ndipo kumeneko mavyuzi achinyengo amatchedwa invalid traffic: otsatsa malonda alipira kuti aonedwe ndi anthu, koma aonedwa ndi makina. Ndalama zotere zimachotsedwa, malonda amatha kuchepetsedwa, ndipo akaunti ikhoza kutsekedwa. Munthu amaloledwa akaunti imodzi ya AdSense pa dzina lake, ndiye ikatsekedwa si nkhani yongotsegula ina mawa. Ngakhale mutapanda kugwidwa, mumalandira 55% ya ndalama za malonda amene aonetsedwa kwa oonera enieni, ndipo amakulipirani zikafika madola 100. Masabu 1,050 amene amabweretsa oonera 80 pa vidiyo adzakufikitsani liti pamenepo? Nawonso a mashopu a mbewu kapena mabungwe amene angafune kutsatsa pa tchanelo yanu amafunsa sikirinishoti ya Analytics, ndipo amaona okha kusiyana kwa masabu ndi oonera.

Kukonza

Choyamba n'kusiya lero lomwe. Tulukani m'magulupu onse, muuzeni wogulitsa aimitse ngakhale mavyuzi ena munalipira kale asanafike. Ndalamayo iwerengeni kuti yapita. Ngati munapatsa munthu pasiwedi, kapena munalowetsa akaunti yanu ya Google pa webusaiti yosinthanirana masabu, sinthani pasiwedi, yatsani 2-Step Verification, ndipo pa myaccount.google.com, pansi pa Security, chotsani mafoni ndi maapu onse amene simukuwadziwa. Mawebusaiti otere amatha kugwiritsa ntchito akaunti yanu kusabusikiraiba matchanelo a anthu ena inu muli mtulo. Muonenso Permissions mu Settings ya Studio ngati mulibe dzina lachilendo.

Chachiwiri, sesani zimene munalemba nokha. Vidiyo iliyonse, mutu, mafotokozedwe kapena komenti imene munalonjeza kubwezera sabu ichoke, kuphatikizapo makomenti amene munasiya pa matchanelo a ena. Mu Blocked words ikani sub4sub ndi mawu ena amene anthu a m'magulupu amakonda kulemba, kuti makomenti otere azigwidwa asanaoneke. Kupempha oonera anu kuti asabusikiraibe n'kololedwa. Choletsedwa ndi kusinthanitsa.

Funso lovuta ndi la vidiyo imene munaigulira mavyuzi. Kuifufuta sikuchotsa strike ngati ilipo, ndipo maola ake onse, enieni omwe, amapita. Ine ndimaona chonchi: ngati pafupifupi zonse pa vidiyoyo ndi zogula, monga 5,000 pa 5,400 ija, iikeni Private. Maola 27 a alimi enieni amene mutaye si kanthu poyerekeza ndi kukhala ndi vidiyo yodetsedwa pamwamba pa tchanelo. Nkhani yake mutha kuijambulanso mwatsopano nyengo ikamayandikira. Koma ngati ikubweretsabe anthu kudzera mu YouTube search tsiku ndi tsiku, isiyeni. Enieniwo adzakweza manambala ake pang'onopang'ono.

Masabu abodza mulibe batani lowachotsera onse pamodzi. Asiyeni YouTube iwasese yokha, ndipo nambala ikatsika musathamangire kukaidzadzanso. Pa mavidiyo angapo otsatira mutha kuchotsa chizindikiro pa Publish to subscriptions feed and notify subscribers, chimene chili pansi pa Show more potumiza vidiyo. Zikatero masabu salandira uthenga. Dziwani kuti ndi enieni omwe salandira, ndiye zimathandiza pokhapokha abodza ali ochuluka kwambiri.

Tsopano ntchito yeniyeni ndi kuphunzitsanso makina kuti anthu anu ndi ndani. Njira yodalirika ndi mavidiyo oyankha funso limodzi limene munthu angalembe pofufuza, mutu wake uli m'mawu amene anthu amalembadi: kapewedwe ka chuku mu mtedza, nthawi yokolola soya asanayambe kuthetheka, kusunga mbewu m'matumba a PICS. Wobwera kudzera mu kufufuza amakhala kuti akuifuna nkhaniyo, ndiye amakhalitsa. Linki itumizeni kumene kuli eni nkhani: gulupu ya kalabu ya alimi, ya kopaletivi, ya kumpingo ngati muli alimi. Anthu 30 a ku Waliranji amene aonera mphindi 5 aliyense akupatsani mphindi 150 zoyera, ndipo akuuza makina mtundu wa munthu woti amufune. Musatumize kwa achibale onse kuti "mungodina chabe". Kudina n'kutuluka kwa achimwene anu okukondani kumatsitsa manambala chimodzimodzi ndi kwa mlendo wa mu gulupu.

Musayembekeze kusintha pa sabata imodzi. Muziyang'ana vidiyo iliyonse yatsopano payokha, osati tchanelo yonse: kodi Top geographies yabwerera ku Malawi ndi Zambia, kodi otsala pa 0:30 akuchuluka, kodi Suggested videos ndi Browse features zayambanso kubweretsa anthu. Maola amawerengedwa pa miyezi 12 yoyenda, ndiye zonyansa za chaka chino zidzatuluka zokha m'kawerengedwe nthawi yake ikakwana. Ndi bwino kudikira kuti mufike pa manambala ndi maola oyera kusiyana ndi kupempha msanga n'kukanidwa.

Nanga kuyamba tchanelo yatsopano? Ngati muli ndi mavidiyo osakwana khumi ndipo masabu atatu mwa anayi alionse ndi a m'magulupu, kuyambiranso n'kwanzeru: lengezani pa tchanelo yakale kuti mwasamuka, enieni adzakutsatirani. Ngati muli ndi mavidiyo ambiri amene akupezekabe pofufuza, khalani pomwepo mukonze. Koma ngati muli pa chilango cha strike, musagwiritse ntchito tchanelo ina kuzemba chilangocho, ndipo ngati tchanelo yatsekedwa musathamangire kutsegula ina, chifukwa malamulo amaletsa zimenezo ndipo yatsopanoyo ikhoza kutsekedwanso. Njira yake pamenepo ndi apilo, kudzera pa linki imene ili mu imelo yokudziwitsani za kutsekedwako.